Sinki yokhala pamwamba pa thebulo kapena yomata kunsi?

"Tikumaliza khitchini m'nyumba yomwe tikumanga. Kalipentala akuti tiike thebulo la matabwa a utuchi wopanikiza, koma ine ndimakonda sinki yomata kunsi kwa thebulo. Kodi zitheka? Nanga ndigule ya mabeseni awiri kapena limodzi, yakuya bwanji, ndipo ya chitsulo chanji?"

Mayi, pa thebulo la mtundu umenewo musaikepo sinki yomata kunsi. Sinki yokhala pamwamba imalowetsedwa m'bowo lomwe kalipentala wadula, ndipo mkombero wake umatsamira pa thebulo n'kuphimba m'mphepete modulidwamo, kotero madzi safika pa thabwa ngati silikoni wapakidwa bwino. Yomata kunsi imasiya m'mphepetemo poyera. Matabwa a utuchi akamwa madzi amafufuma, pepala lapamwamba limayamba kusendeka, ndipo zomangira zogwira sinkiyo zimasowa polimba poti zilume. Chizindikiro choyamba chimakhala kamzere kakuda pomwe sinki yakumana ndi thebulo, kenaka kabati amayamba kununkha chinyontho.

Pali nkhani ya kulemeranso. Beseni la masentimita 70 m'litali, 40 m'lifupi ndi 20 kuya limalowa malita 56, ndipo ngakhale mutathira madzi theka lokha, amenewo ndi makilogalamu 28 musanaikemo poto ngakhale mmodzi. Sinki yokhala pamwamba imasenzetsa katunduyo thebulo, pamene yakunsi imadalira zomangira ndi guluu basi. N'chifukwa chake imafuna thebulo la mwala wa giranaiti kapena konkire yosalazidwa bwino, komanso mmisiri amene sangachite ulesi kuika timitanda tochirikiza pansi. Ubwino wake ndimauvomereza, chifukwa munthu amangokokera nyenyeswa ndi madzi m'beseni popanda mkombero wotchinga, koma ngati ndalama ya mwala palibe, gulani yokhala pamwamba, yomwenso sivuta kuichotsa ikatha ntchito.

Za mabeseni, musanapite kusitolo yezani zinthu ziwiri: m'kati mwa kabati, ndi poto wamkulu kwambiri amene mumaphikira nsima kukabwera alendo, pamodzi ndi zogwirira zake. Tiyerekeze kuti kabati wanu ndi wa masentimita 80. Sinki ya mabeseni awiri yokwana pamenepo imapatsa beseni lililonse masentimita 33 kapena 34, ndiye poto wa masentimita 36 sangakhale pansi, ndipo mudzamuviika chopendeketsa, nkhoko za mbali imodzi zili zouma. Mapeto ake poto uja amakatsukidwa panja ngati kale, sinki yodula ili chikhalire. Pa kabati wotere ine ndingasankhe beseni limodzi lalikulu, n'kumaikamo kabeseni ka pulasitiki kotsukuluzira, zomwe zimathandizanso masiku amene mpopi wauma ndipo mukugwiritsa ntchito madzi a m'ndowa. Mabeseni awiri amayamba kukoma kabati akafika masentimita 90 kapena 100, ndipo kumbukirani kuti amawonjezera mapaipi ndi molumikiza momwe mungadonthe.

Kuya kwa masentimita 18 mpaka 20 kumakwanira makhitchini ambiri. Losaya kuposa pamenepo limathovutsira madzi pa zovala, pamene la masentimita 25 limachititsa munthu kuwerama, popeza thebulo limakhala pafupifupi masentimita 90 kuchokera pansi. Sinki ikakhala yomata kunsi, kukhuthala kwa mwala kumawonjezera masentimita 2 kapena 3 pa kuyako, mfundo imene ambiri amaizindikira msana utayamba kale kuwawa.

Pa zopangira, chitsulo chosachita dzimbiri ndicho choyenera nyumba yotsukidwa mapoto olemera, chifukwa sinki yadongo lowotcha imabenthuka poto akagweramo, ndipo yamwala wosakaniza ndi utomoni ndi yodula. Funani ya nambala 304, yomwe ili ndi kuromiyamu magawo 18 ndi nikelo magawo 8 pa 100 alionse. Ya nambala 201 imawala chimodzimodzi m'sitolo, koma nikelo wake ndi wochepa ndipo imachita msanga timadontho ta dzimbiri. Ogulitsa ena amakuonetsani kuti maginito sakumata, koma zimenezo sizisiyanitsa ziwirizi, chifukwa pa zonse maginito nthawi zambiri sagwira, choncho funani nambalayo pa sinki kapena pa katoni yake. Kukhuthala kukhale milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Dinikizani pansi pa beseni ndi chikhatho, ndipo pakabonyoka n'kulira ngati chitini, isiyeni. Mukayamba kuigwiritsa ntchito musaikweche ndi waya wachitsulo wotsukira mapoto, chifukwa tizidutswa take timakanirira n'kuchita dzimbiri ngakhale pa 304, ndipo mchere kapena mankhwala oyeretsera zovala asagonemo usiku wonse.