Mawu osonyeza kutsimikiza pa lipoti lofufuza chithunzi

"Ndikafufuza chithunzi, ndilembe mawu ati pakati pa 'zikuoneka kuti', 'mwina' ndi 'sizikudziwika'? Owerenga amangoti ndikuzemba."

Musanayambe kulemba, dziikireni masitepe ochepa, anayi okha akwana, ndipo muwafotokoze pamwamba pa lipoti. Ine ndimalemba "zatsimikizika", "umboni wambiri ukuloza kuti", "n'kutheka" ndi "umboni sukukwanira kugamula". Mawu oti "mwina" ndimawapewa, chifukwa wina amamva ngati mwavomera pomwe wina amamva ngati mwakana.

Chachikulu n'chakuti musapereke chigamulo chimodzi pa chithunzi chonse. Malo, tsiku ndi nkhani yoti chinasinthidwa kapena ayi, chilichonse chikhale ndi mawu akeake, ndipo chifukwa chake chitsatire pomwepo.

Tiyerekeze chithunzi cha mlatho wokokoloka chimene akuti chajambulidwa dzulo. Mwachisaka pa TinEye, tsamba losakira zithunzi pa intaneti, n'kupeza kuti chinalipo kale pa intaneti zaka zapitazo. Apa lembani molimba mtima kuti zatsimikizika kuti si chadzulo. Koma tsiku limene chinaikidwa pa intanetilo likungosonyeza kuti chinajambulidwa tsikulo kapena lisanafike, osati tsiku lenileni. Za malo, ngati zipilala za mlatho ndi phiri lakumbuyo zikufanana ndi zithunzi za setilaiti koma chikwangwani sichikuwerengeka, lembani kuti umboni wambiri ukuloza kumeneko, mutchulenso chimene chikusowacho.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa EXIF, mbiri yobisika mu fayilo ya chithunzi yonena za kamera ndi nthawi imene chinajambulidwa. Ikasowa sizitanthauza chinyengo, poti masamba ambiri amchezo amaichotsa munthu akaikapo chithunzi. Pamenepo lembani kuti umboni sukukwanira kugamula, ndipo muonjezere kuti fayilo yoyambirira yochokera kwa wojambula ndi imene ingathandize kugamula.