Dothi lili lonyowa, nanga masamba akufoteranji masana?

"Ndili ndi kadimba ka tomato ndi maungu kuseri kwa nyumba kuno ku Machinjiri. Ndimathirira m'mawa uliwonse ndipo dothi limakhala lonyowa ndithu, koma ikamakwana 12 koloko masamba onse amakhala ali lende. Kodi ndiwonjezere madzi?"

Mayi, musawonjezere kaye. Madzi m'dothimo alimo, kungoti masana masamba akuwataya msanga kuposa mmene mizu ingawakokere.

Tsamba lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, tambiri tili kunsi kwake. Timatseguka kuti mpweya wopangira chakudya ulowe, ndipo madzi amatulukira momwemo ngati nthunzi. Pa malita 100 amene mizu yamwa, oposa 95 amapita chomwecho. M'mawa kukazizira amatuluka pang'onopang'ono, mizu n'kumabwezeretsa bwinobwino. Koma masana a Okutobala kuno ku Blantyre kutentha kumatha kupitirira madigiri 30, mpweya uli gwa, kamphepo kakuchotsa chinyezi pamasamba. Mizu siingafulumire chomwecho, chifukwa madzi amalowa pang'onopang'ono kudzera m'timizu tonga ubweya asanakwere mu tsinde. Tsamba limaima chilili chifukwa cha madzi odzaza m'kati mwake, ngati tayala la njinga lopopedwa bwino, choncho akachepa limalendewera. Maungu ndiwo amayamba, poti masamba ake ndi aakulu.

Chofunika n'kukaona mbewuzo m'mamawa, cha m'ma 6 koloko, musanathirire. Ngati masamba adzuka, mbewu zanu zili bwino. Pisani chala m'dothi masentimita 5 mpaka 10, ndipo mukapeza chinyezi, keni ikhale pansi. Chomwe ndingakulimbikitseni ndi kuphimbira ndi udzu wouma wochindikala masentimita 5, osagunda tsinde, kuti dothi lisatenthe.

Kuthira madzi ena masana pa dothi lonyowa kale n'kumene kumapha tomato wambiri. Mizu nayo imapuma. Madzi akadzaza mipata yonse ya m'dothi, timizu tija timafa, mbewu n'kumamwa zochepa kuposa kale. Mwini dimba amaona kufota kukukula, amathiranso, mpaka mizu kuwola. Feteleza wambiri wothiridwa pafupi ndi tsinde amalepheretsanso mizu kumwa.

Kukacha m'mawa mbewu ili chifotere, pamenepo pali vuto lina. Zulani imodzi. Mizu yabwino imakhala yoyera ndi yolimba. Yoderapo, yofewa ndi yonunkha ndiye kuti yawola. Ikakhala ndi timafundo totupa, ndi tinyongolotsi ta m'nthaka. Ngati tomato wafota masamba akadali obiriwira, dulani tsinde chapansi ndi kuviika nsonga yake m'tambula yagalasi ya madzi oyera osaigwedeza. Mukaona zoyera ngati mkaka zikutsika patapita mphindi zochepa, ndi matenda a bakiteriya otseka njira za madzi. Amenewa mankhwala opopera sachiza. Zulani mbewuyo ndi dothi la m'mizu yake mukataye kutali, osati pa manyowa, tsukani khasu ndi mpeni, ndipo pamalopo musabzalepo tomato, mbatatesi, tsabola kapena mabiringanya kwa zaka zosachepera zitatu.