Kulemba za malaisensi ndi misonkho m'pulani ya fakitale yaing'ono ya chiponde

"Ndine mayi wa ku Chilenje mumzinda wa Lusaka ku Zambia, ndipo ndikufuna kuyamba kupanga chiponde cha m'mabotolo ndi nshawa zochokera ku Chipata, ndi antchito anayi. A banki andiuza kuti m'pulani yanga mukhale gawo lofotokoza malaisensi, misonkho ndi malamulo. Ine ndinalemba kuti ndidzatsata malamulo onse a dziko, koma andibwezera pepalalo. Kodi ndilembe chiyani, nanga ndikafunse kuti?"

Mayi, a banki sanalakwitse kukubwezerani, chifukwa chiganizo chimene munalembacho sichiwauza zimene akufuna kudziwa, zomwe ndi tsiku limene mudzaloledwe kugulitsa botolo loyamba ndiponso ndalama zimene zidzatuluke tsikulo lisanafike. Ngongole imayamba kubala chiwongoladzanja makina akadali m'makatoni, choncho mwezi uliwonse umene mukudikira chilolezo ndi mwezi umene mukubweza ndalama musanagulitse kanthu. Pa chilolezo chilichonse lembani dzina la ofesi imene imachipereka, ngati chimafunika musanayambe kupanga kapena pambuyo pake, mtengo umene munauzidwa pamodzi ndi tsiku limene munafunsa, ndi pamene mwafika: kaya mwachitenga kale, mwapereka pempho, kapena simunayambe. Musaope kulemba kuti simunayambe, pakuti woona za ngongole amakhulupirira munthu amene akudziwa chimene chatsala kuposa amene akunena kuti zonse zili m'malo.

Choyamba kufotokoza ndi mtundu wa bizinesi imene mwalembetsa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi ndi makampani. Mukalembetsa dzina la bizinesi lokha, m'maso mwa lamulo inuyo ndi bizinesiyo ndinu munthu mmodzi, kotero kuti ngongole ikakanika kapena wogula akadwala nakusumirani, katundu wanu wa pakhomo akhoza kugwidwa. Mukalembetsa kampani pansi pa lamulo la makampani la nambala 10 la chaka cha 2017, kampaniyo imaima payokha, koma imafuna otsogolera osachepera awiri, ndipo chaka ndi chaka mumapereka lipoti ku PACRA. Kwa munthu wopanga chakudya ine ndimalangiza kampani, ngakhale ndiyenera kukuchenjezani kuti banki ikhoza kukupemphanibe kuti musaine chikole m'dzina lanu, ndipo mukatero chitetezo cha kampani sichikuphimbani pa ngongole imeneyo. Mukatha apo mumafunika nambala ya msonkho ya TPIN ku ZRA, bungwe lotolera misonkho.

Pamene anthu ambiri amapunthwa ndi pa malo, ndipo mpake kuti tikhalitsepo. Nyumba za ku Chilenje zili pa malo amene anaperekedwa kuti anthu azikhalapo, ndipo lamulo la mapulani a matauni ndi zigawo la nambala 3 la chaka cha 2015 limafuna kuti munthu apemphe chilolezo ku khonsolo asanasinthe ntchito ya malo. Kukazinga nshawa kumatulutsa utsi, chigayo chimachita phokoso, ndipo dandaulo limodzi la woyandikana naye limakwana kubweretsa oyendera a khonsolo pakhomo panu. Kuwonjezera apo, zilolezo zina zonse zimalembedwa pa malo amodzi otchulidwa: chilolezo cha zaumoyo, satifiketi ya ozimitsa moto ndi chilolezo chochitira malonda cha khonsolo ya mzinda wa Lusaka zimatuluka oyendera ataona chipinda chenichenicho, madzi ake, ngalande, zimbudzi ndi pansi pake. Mukasamuka, zambiri mwa izi mumayambanso.

Ndinathandizapo bambo wina amene analipira lendi ya miyezi isanu ndi umodzi pa chipinda china, nagula makina, kenaka oyendera zaumoyo anakana malowo chifukwa chimbudzi chinali chotsegukira m'chipinda chopangira chakudya, ndipo mwini nyumba anakana kuti khoma ligumulidwe. Pangano lawo silinanene kanthu za zilolezo, choncho ndalamazo sizinabwerere. Mpaka lero nkhaniyo imandiwawa, chifukwa chiganizo chimodzi chikanamupulumutsa. Inu musanasaine pangano la lendi, kaya ndi ku Chinika kapena kwina kulikonse kumene kuli mafakitale, pitani ku maofesi a khonsolo ku Civic Centre ndi nambala ya puloti mukafunse ntchito imene malowo analoledwa, pemphani woyendera zaumoyo kuti aone chipindacho, ndipo m'panganomo mulembedwe kuti khonsolo ikakana malowo pangano litha ndipo ndalama zimene munapereka zibwezedwa. M'pulani mutchule kuti mawu amenewa alimo. Lemberaninso kalata a ZEMA, amene amayang'anira zachilengedwe pansi pa lamulo la nambala 12 la chaka cha 2011, yofotokoza kukula kwa ntchito yanu, utsi, makoko ndi madzi otsukira, kuti akuyankheni m'kalata ngati pakufunika lipoti la zachilengedwe kapena ayi. Musadziweruzire nokha kuti ndinu aang'ono.

Chiponde chenichenicho chili ndi malamulo ake. Anthu amasokoneza mabungwe awiri: ZABS imalemba miyezo ya katundu ndi kupima zinthu m'malabotale ake, pamene ZCSA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la nambala 3 la chaka cha 2017, ndiyo imakakamiza miyezo imene boma linalamula kuti itsatidwe, ndipo imayendera fakitale, kutenga zitsanzo ndi kupereka chilolezo chogulitsira katundu wotere. Chiponde chili m'gulu limeneli, ndipo chifukwa chachikulu ndi afulatokisini, poizoni wochokera ku chuku chimene chimamera pa nshawa zosaumitsidwa bwino kapena zosungidwa ponyowa. Poizoniyu satha ndi kukazinga wamba, choncho pulani yanu inene m'mene mudzasankhira nshawa, kumene mudzazisunga, ndi kangati mudzatumize zitsanzo ku labotale, ndipo ndalama zopimitsira zioneke m'bajeti ya chaka chilichonse. Musasindikize malebulo zikwi zambiri a ZCSA asanaone chitsanzo chake, chifukwa lebulo yosowa tsiku lothera ntchito, nambala ya gulu la katundu kapena malo a wopanga idzakanidwa. Sikelo yanu iyenera kutsimikizidwa ndi bungwe la boma loona za miyeso, ndipo aliyense wogwira chakudya akhale ndi satifiketi ya kuchipatala.

Tsopano za misonkho, ndipo pano tiwerengere limodzi ndi ziwerengero zongoyerekeza, zimene inu mudzasinthe ndi zanu. Bizinesi yaing'ono kawirikawiri imalembetsedwa pa msonkho umene pa makina a ZRA umaoneka ngati Turnover Tax. Kuyambira pa 1 Januwale 2025 msonkhowu unakwera kuchoka pa 4 kufika pa 5 peresenti, ndipo malire a olowa m'gululi anakwezedwa kuchoka pa K800,000 kufika pa K5,000,000 pa chaka. Chofunika kumvetsa n'chakuti umawerengedwa pa ndalama zonse zimene mwagulitsa, osati pa phindu. Tinene kuti mukugulitsa chiponde cha K60,000 pa mwezi. Msonkho udzakhala pafupifupi K3,000, ndipo ngati mutachotsa nshawa, mabotolo, magetsi, lendi ndi malipiro mwatsala ndi K9,000, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lanu lapita. Mwezi umene nshawa zakwera mtengo ndipo simunapindule kanthu, K3,000 ija idzafunikabe pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mapulani ambiri amene ndimawerenga amawerengera msonkhowu pa phindu, ndipo woona za ngongole akangoona zimenezo amadziwa kuti wolemba sanafunse.

Chachiwiri ndi VAT, imene ndi 16 peresenti. Malire olembetsera VAT akhala pa K800,000 ya malonda pa miyezi khumi ndi iwiri, ndipo ndi osiyana ndi malire a msonkho uja, choncho muwafunse paokha. Pa K60,000 pa mwezi muli pa K720,000 pa chaka, pansi pa malire. Koma ngati pulani yanu ikulonjeza kuti chaka chachiwiri mudzafika pa K70,000 pa mwezi, imeneyo ndi K840,000, ndipo mwadutsa. Botolo limene mumagulitsa K35 liyenera kukwera kufika pa K40.60, apo ayi mukasiya mtengo pa K35 mudzapereka K4.83 kuchokera m'botolo lililonse. Wina anganene kuti mudzabwezeredwa VAT imene munalipira pogula zipangizo, ndipo ndi zoona pa mabotolo ndi malebulo ogulidwa kwa olembetsa VAT, koma nshawa zimene mumagula kwa alimi a ku Chipata zilibe VAT yoti muchotsere, chonsecho ndizo zimadya ndalama zambiri. Wolembetsa VAT amafunikanso kutulutsa malisiti kudzera pa Smart Invoice, njira ya pakompyuta ya ZRA, ndipo masitolo akuluakulu angakufunseni zimenezi pamodzi ndi satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Pulani ionetse mwezi umene mukuyembekeza kudutsa malirewo ndi mtengo umene mudzaike pa botolo.

Za antchito ndizidutsa mwachidule. Ngati malipiro a anthu anayi onse pamodzi ndi K10,000 pa mwezi, inu monga wolemba ntchito mumawonjezera 5 peresenti ya NAPSA, yomwe ndi K500, ndi 1 peresenti ya NHIMA pa malipiro oyambira, yomwe siipitirira K100, kupatula zimene mumadula kwa antchitowo, ndiponso mumalembetsa ku thumba la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito. Poti pali chigayo ndi moto, thumba limeneli musalizengereze.

Muli ndi ufulu umene muyenera kuugwiritsa ntchito pa maofesi onsewa. Woyendera aliyense mungamupemphe chitupa chake, ndalama iliyonse ilipiridwe ku banki kapena pa ofesi ndipo mulandire lisiti ya bungwelo, ndipo pempho lanu likakanidwa pemphani kuti zifukwa zilembedwe, chifukwa popanda kalata mulibe choti mudandaule nacho. A ZRA akakuwerengerani msonkho umene simukugwirizana nawo, mumayamba ndi kulemba chitsutso kwa iwo eni, ndipo mukapanda kukhutira mumapita ku bwalo lomva madandaulo a za misonkho. Masiku ochitira zimenezi ndi owerengeka, choncho kalata yotere musaigoneke m'kabati.

Mitengo ya zilolezo za khonsolo, ya ZCSA ndi ya labotale sindinakulembereni dala, chifukwa imasintha ndipo imadalira kukula kwa malo ndi ntchito. Mukaitenge nokha yolembedwa pa pepala, n'kuika makope kumapeto kwa pulani. Ziwerengero za misonkho nazonso muzitsimikize ku ZRA sabata imene mukupereka pulaniyo, pakuti nduna ya zachuma kawirikawiri imawerenga bajeti cha kumapeto kwa Seputembala ndipo zosintha zambiri zimayamba pa 1 Januwale. Ngati mukupereka pulani pakati pa Okutobala ndi Disembala, lembani ziwerengero za chaka chino pamodzi ndi zimene zalengezedwa za chaka chamawa, ndipo muwerengere kubweza ngongole pa zimene zili zolemera kwa inu.