Mawu a tsiku lotsegulanso holo

"Abale, ndine wapampando wa komiti ya holo yathu kuno ku Kapiri, Mchinji. Tamaliza kuyikonza, Loweruka tikuyitsegulanso. Ndikayankhule bwanji pothokoza akuluakulu, amisiri ndi anthu amene anagwira ntchito mwaulere?"

Achimwene, udindo umenewu unandigwerapo kwathu ku Santhe, ndipo ndinapunthwa. Ndikuuzeni pamene pali chitsa.

Malonje atsate ukulu: a Gogo Chalo ngati abwera, agulupu, anyakwawa, kenako akhansala, a ADC ndi a VDC, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Mfumu muyitchule ndi dzina laufumu. Lachisanu mupite kwa nduna ya agulupu mukawerengere limodzi mndandandawo, chifukwa mafumu ena amatumiza owayimira, ndipo nawonso amayenera ulemu wa mpando.

Mukafika pothokoza, musangoti "nonse amene munatengapo mbali". Mawu amenewo safika pamtima pa munthu. Tchulani ntchito imene manja ake anagwira, ndipo gulu lililonse muliyimiritse kuti anthu aliwombere m'manja. Kwa amisiri munganene chonchi: "Bambo kalipentala, tayimirirani. Inu munakwera padenga ili dzuwa likuswa mtengo, munachotsa mitanda yodyedwa ndi chiswe, malata atsopano munakhoma mzere umodzi. Mvula ikadzabwera tidzamva kulira kwake pamwamba, ife tili pouma." Womanga mumuyamikire ming'alu imene anatseka ndi pulasitala, wowotcherera mumuyamikire mawindo. Mmisiri ngakhale analipidwa, dzina lake litchulidwe, poti mawa ena adzamufuna chifukwa cha mawu anuwo.

Akuluakulu musawathokoze pongobwera. Funsani msanga amene anapereka malo, ndi amene anawumba njerwa zoyamba. Mukati "agogo awa anaponda dothi la makoma amenewa asanabadwe ambiri a ife", mudzaona achinyamata akutembenuka kuwayang'ana. Amene anatisiya muwakumbukire ndi mphindi imodzi ya chete.

Chitsa changa chinali ichi. Ndinatchula anyamata okumba mchenga kudambo, ndinatchula eni ngolo, koma ndinadumpha amayi amene kwa masabata atatu ankasenza madzi kuchokera pamjigo kudzaza migolo ya amisiri, ena mwana ali kumsana. Nditakhala pansi, mbali ya amayi kunalibe nthungululu. Patapita mwezi tinayitana anthu kudzalambula pabwalo, anabwera amayi awiri okha. Mpaka lero zimandiwawa. Ndiye lembani magulu onse papepala, ophika nsima ya amisiri ndi alonda a simenti omwe, muwerengere mlembi ndi mayi mmodzi wa m'komiti, anene amene akusowa.

Za ndalama nenani mwachidule: zinasonkhedwa zingati, zagula matumba angati a simenti, zatsala zingati. Amene anapereka zochuluka musamukweze pamwamba pa wamasiye amene anabwera ndi chidebe.

Musapitirire mphindi khumi, pakuti agulupu ndi mlendo wolemekezeka adzayankhula inu mutatha. Pomaliza tengani makiyi ndi manja awiri, munjute, muwapereke kwa mfumu kuti ndiyo itsegule chitseko.