Ana atchula magawo a kalata, koma kalatayo siikulembeka

"Aphunzitsi anzanga, ndaphunzitsa kalata yantchito mu Sitandade 7 kwa sabata ziwiri. Pa mayeso anga ana anakhoza bwino, koma nditawauza kuti alembe kalata yeniyeni, ambiri angoti kakasi. Ndalakwitsa pati?"

Madamu, tsegulani sikimu yanu muyang'ane mneni amene ali pa chizindikiro cha kakhozedwe. Ndikukhulupirira kuti palembedwa kuti ophunzira "alemba" kalata yantchito. Kenaka onani zimene anawo ankachita ndi manja awo sabata ziwirizo, ndi zimene mayeso anawafunsa. Ngati m'kalasi ankakopera kalata ya pa bolodi, ndipo mayeso ankati "tchulani magawo a kalata yantchito", ndiye kuti muli ndi aneni atatu osiyana: kulemba, kukopera ndi kutchula. Ana anakhoza zimene munawayesa. Kulembako sanakuyeserepo.

Zinandichitikira ine ndemwe. Mtsikana wina amene ankatchula magawo onse osapunthwa anandilembera mzere woyamba kuti "Wokondedwa ahedi, muli bwanji kumeneko? Ine kuno ndili bwino." Ankadziwa kuti pali malonje, koma sanasiyanitsepo malonje a kalata yamchezo ndi a kalata yantchito, chifukwa ine sindinamupatse mpata woti asankhe yekha.

Chimene ndimachita tsopano ndi kuyambira kumapeto. Ndisanalembe lesoni pulani ngakhale imodzi, ndimalemba funso la tsiku lomaliza. Mwachitsanzo: "Lembani kalata kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yanu yopempha chilolezo choti mujombe masiku awiri chifukwa mukuperekeza agogo kuchipatala." Pansi pake ndimagawa malikisi 10. Keyala ziwiri ndi tsiku zili pamalo pake, malikisi 2. Malonje ndi mutu, 2. Thunthu lonena chifukwa, masiku ake ndi pempho lomveka, 4. Mathero ndi dzina, 1. Zizindikiro za m'kalembedwe, 1. Onani kuti thunthu latenga malikisi ambiri. Mukapereka 8 pa maonekedwe okha, mwana amene waloweza poika keyala adzakhoza ngakhale kalatayo isakupempha kanthu, ndipo mudzakhala mwabwereranso ku mayeso otchula aja, mwangowasintha malaya.

Kagawidwe ka malikisi kameneka ndiko kamandiuza zochita m'kalasi. Tinene kuti muli ndi mapiriyodi 6. Yoyamba, apatseni makalata awiri, yamchezo ndi yantchito, apeze okha kusiyana kwake. Yachiwiri, dulani kalata zidutswazidutswa, magulu aisanje. Apa mpamene amaona kuti keyala ya wolandira ndi yosiyana ndi ya wolemba. Mapiriyodi anayi otsalawo ndi olemba basi. Yachitatu mulembere limodzi pa bolodi, ana akupereka ziganizo, inu mukufunsa kuti "Kodi ahedi akawerenga apa adziwa kuti ujomba liti?" Yachinayi alembe awiriawiri pa nkhani ina, monga kupempha mpira wa kalasi. Yachisanu aliyense alembe yekha, asinthane makope, achongerane potsata malikisi aja mutawalemba pa tchati. Yachisanu ndi chimodzi ndiyo ya mayeso, ndipo nkhani yake ikhale yoti sanailembepo, kuopa kuti mungayese kuloweza.

Ndikudziwa muti ana alipo 90, ndichonga liti? Apa mpamene ambiri timagonjera n'kuthawira ku mafunso osankha yankho, chifukwa amachongeka msanga. Mafunso otero si oipa, amathandiza kuona ngati ana agwira mayina a magawo, koma sangakuuzeni ngati mwana angalembe. Ine pa piriyodi yachinayi sindichonga makope onse. Awiriawiri aja amatulutsa makalata 45, ndimatengapo 12, osakaniza a ochita bwino, apakati ndi ovutika, ndipo ndimayang'ana thunthu lokha. Ndikapeza kuti oposa theka sanatchule masiku kapena chifukwa, piriyodi yachisanu ndimaiyamba ndi kukonza zimenezo, ngakhale sikimu ikunena zina. Ndimangolemba pa danga la ndemanga chifukwa chimene ndasinthira, kuti ahedi kapena a PEA, alangizi a zamaphunziro oyendera sukulu aja, akabwera aone.

Inuyo simukufunika kubwereza mutu wonse. Magawo anawo akuwadziwa kale, ndiye yambirani pa piriyodi yachitatu. Musanatero, pindani pepala patatu. Kumanzere lembani chizindikiro cha kakhozedwe, pakati ntchito iliyonse imene ana achite, kumanja funso la mayeso, ndipo mutseke mzere kunsi kwa mneni aliyense. Ntchito yapakati imene mneni wake sakutsogolera ku funso lakumanja ichotseni, ngakhale ana amaikonda. Ine ndinachotsa kanyimbo kotchula magawo a kalata kamene kankadya mphindi 10 tsiku lililonse, ndipo mphindi zimenezo ndi zimene ana amawerengerana makalata awo mokweza.