Ndigulitse mbale zingati za tchipisi kuti ndisamaluze?

"Ndili ndi chiwaya cha tchipisi pamsika. Mbale ndimagulitsa K2,000. Pamwezi lendi ndi K50,000, mnyamata wondithandiza K80,000, ziphaso za msika K10,000, nkhuni K40,000. Makasitomala amabwera ndithu, koma mwezi ukatha m'thumba mulibe kanthu. Ndigulitse mbale zingati kuti ndalama zizibwerera?"

Achimwene, ndalama zonse mwatchulazi zikukwana K180,000, ndipo zimatuluka kaya mwagulitsa kaya mvula yathamangitsa anthu. Nkhuni ndaziika m'gulu lomweli dala, poti moto umayaka tsiku lonse ngakhale pachiwaya pasafike munthu.

Chimene simunandiuze n'chimene chili ndi yankho: mbale imodzi imakudyerani zingati? Musaganizire m'mutu. Mawa mukagula ndowa ya mbatatesi, tengani kope muzilemba kamzere pa mbale iliyonse yotuluka mpaka ndowayo ithe. Tiyerekeze kuti ndowa mwagula K28,000 ndipo yatulutsa mbale 35. Ndiye kuti mbatatesi ya mbale imodzi ndi K800. Chitani chimodzimodzi ndi chigubu cha mafuta, tinene kuti apezeka K400 pa mbale. Kabichi, tomato, mchere ndi jumbo tiike K200. Zonse pamodzi K1,400.

Choncho pa K2,000 ya kasitomala, yotsala ndi K600 yokha, ndipo imeneyi sinakhale phindu ayi. Ntchito yake yoyamba ndi kulipira K180,000 ija. Gawani 180,000 ndi 600, mupeza mbale 300 pamwezi. Ngati mumatsegula masiku 26, ndiye mbale 12 patsiku. Phindu limayambira pa mbale ya 301.

Koma 300 ameneyu sakhazikika. Mbatatesi ikasowa ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndowa n'kufika K35,000, mbale imodzi imadya K1,000 ya mbatatesi yokha. Yotsala imatsika kufika K400, ndipo mbale zofunika zimalumpha kufika 450, pafupifupi 18 patsiku. Mtengo wa ndowa wangokwera ndi K7,000, koma ntchito yawonjezeka ndi theka.

Basera amachitanso zomwezi, mwakachetechete. Mnyamata akakhala wa dzanja lolemera, kapena anzake akamadutsa n'kumatola pachiwaya, ndowa ya K28,000 imatulutsa mbale 28 m'malo mwa 35, ndipo mwabwereranso pa K1,000 paja mtengo kumsika usanasinthe n'komwe. Ine ndikukayikira pamenepa kwambiri, chifukwa mwati anthu amabwera. Timizere ta m'kope tija tikuuzani pasanathe sabata.

Chinanso, pamndandanda wanu inuyo mulibepo. Ngati pakhomo pamafunika K120,000 pamwezi kuchokera pachiwayachi, iphatikizeni: 300,000 kugawa ndi 600 ndi mbale 500, zomwe ndi 20 patsiku. Mukamagulitsa 15, bizinesi ikudzilipira yokha, koma ya ndiwo mumatapa pa mpamba.