Kodi kampani idzandibwezera ndikaluza kupitirira malire amene ndinalemba?

*Funso: A loya, ndikufuna kupereka madola 100,000 ku kampani yoyendetsa ndalama kuti izindigulira masheya. Akundilangiza kuti ndibwerekenso madola 50,000 kwa iwo omwewo kuti phindu lichuluke. Pa fomu yawo ndinalemba kuti ndingapirire kuluza 20 peresenti, osapitirira apo. Kodi msika utagwa mwadzidzidzi n'kuluza zoposa pamenepo, lamulo lidzawakakamiza kundibwezera? Mgwirizano sindinasainebe.*

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanasaine, chifukwa mphamvu zanu zambiri pa nkhaniyi zili pa nthawi ino. Yankho ndi lakuti ayi, nambala imene munalemba pa fomuyo payokha siikakamiza kampani kukubwezerani chilichonse. Lamulo silipereka chipukuta misozi chifukwa chakuti msika wagwa. Limapereka ngati kampani yaphwanya mgwirizano, yakulangizani zosayenerana ndi mmene zinthu zilili pa moyo wanu, yakubisirani kuopsa kumene inkakudziwa, kapena yagwira ntchito mosasamala. Fomu ija ndi umboni wa zimene munawauza, ndipo umboni umenewo ndi wofunika kwambiri, koma si lonjezo lochokera kwa iwo. Mukawerenga mgwirizano umene akupatsaniwo, ndikukhulupirira kuti mupezamo ndime yonena kuti mtengo wa masheya umakwera ndi kutsika ndiponso kuti kampani siikutsimikizira phindu kapena malire a kuluza. Khoti limawerenga ndime imeneyo pamodzi ndi fomu yanu, ndipo kawirikawiri ndimeyo ndi imene imalemera.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ndondomeko imene akukulangizaniyo ikutsutsana ndi nambala yanu ngakhale msika usanagwe n'komwe. Tiyeni tiiyese ndi kugwa kumene kunachitikadi. Ndalama zanu pamodzi ndi ngongole zigula masheya a madola 150,000, koma ngongoleyo siitsika msika ukatsika, choncho kuluza konse kumadya mbali yanu yokha. Malire anu a 20 peresenti ndi madola 20,000, ndipo kuti masheya a 150,000 ataye 20,000 pakungofunika kuti mitengo itsike ndi 13 peresenti ndi pang'ono. Kutsika kotere si kwachilendo pa msika wa masheya. Pa 19 Okutobala 1987 mulingo wa mitengo ya masheya wa Dow Jones ku America unatsika ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi lokha. Tsiku ngati limenelo inu mukanataya madola 33,900 dzuwa lisanalowe. Pakati pa 19 Febuluwale ndi 23 Malichi 2020 mulingo wina wa ku America komweko, wa S&P 500, unatsika ndi pafupifupi 34 peresenti, zimene zikanasiya masheya anu pa madola 99,000, ndipo mutachotsapo ngongole mukanatsala ndi 49,000, kutanthauza kuti mwataya zoposa theka la ndalama zanu m'masabata asanu. Kuti 49,000 ibwerere pa 100,000 pamafunika phindu loposa 100 peresenti, pomwe chiwongola dzanja cha ngongoleyo chikungowerengedwa tsiku ndi tsiku.

Pali ndime ina imene anthu ambiri amaidumpha, yokhudza chikole. Masheya anuwo ndiwo chikole cha ngongole, ndipo mgwirizano umanena gawo limene liyenera kukhala lanu nthawi zonse. Ku America lamulo limafuna kuti lisachepere 25 peresenti, koma makampani ali ndi ufulu wofuna zoposa pamenepo. Tiyerekeze kuti yanu ikufuna 30 peresenti. Masheya akatsika kufika pa madola pafupifupi 71,400, komwe ndi kugwa kwa 52 peresenti, adzakuuzani kuti muwonjezere ndalama, apo ayi agulitsa. Mwina muganiza kuti kugwa kotero n'kosatheka, komatu kuyambira Okutobala 2007 mpaka Malichi 2009 S&P 500 inatsika ndi pafupifupi 57 peresenti. Choopsa china n'chakuti migwirizano yambiri imalola kampani kukweza gawo la chikolelo nthawi iliyonse, kusankha yokha masheya oti igulitse, ndi kugulitsa isanakudziwitseni. Itakweza kufika pa 50 peresenti msika uli pa chipwirikiti, malire oti ayambire kugulitsawo angasunthe kufika pa madola 100,000, ndipo kugwa ngati kwa 2020 kungakhale kokwanira kuti ayambe kukugulitsirani katundu pa mtengo wotsikitsitsa. Munthu amene sanabwereke angathe kudikira kuti msika udzuke, pomwe wobwereka ufulu wodikirawo amausainira kwa mwini ngongole.

Akhoza kukuuzani kuti aika lamulo m'makina loti masheya agulitsidwe okha mtengo ukafika penapake. Chonde afunseni funso limodzi ndipo ayankhe polemba: kodi akutsimikizira mtengo umene mudzagulitsire, kapena akungotsimikizira kuti adzayesa kugulitsa? Pafupifupi nthawi zonse ndi chachiwiricho. Ngati munagula masheya 1,500 pa madola 100 iliyonse, n'kulamula kuti agulitse mtengo ukafika pa 87, koma msika n'kutsegula m'mawa uli kale pa 78, adzagulitsa pa 78 kapena kutsika apo, ndipo mudzataya 33,000 m'malo mwa 19,500 imene munkayembekezera. Kampani idzanena kuti inatsatira lamulo lanu, ndipo mwalamulo idzakhala ikunena zoona. Izi zinaoneka bwino pa 15 Januwale 2015, pamene banki yaikulu ya dziko la Switzerland inasiya mwadzidzidzi kuteteza malire a 1.20 pakati pa ndalama yake ndi yuro: mtengo unadumpha malo onse amene anthu anaika malamulo awo ogulitsira, ndipo ena anatsala ndi ngongole yoposa ndalama zimene anaikamo. N'chifukwa chake muonenso ngati mgwirizano wanu ukunena kuti kampani ingakutsatireni pa ndalama zotsala ngati kugulitsa chikole sikunakwanitse kubweza ngongole.

Tsono malire a kuluza asankhidwe bwanji? Langizo langa ndi lakuti muiwale kaye za peresenti, muyambe ndi ndalama zenizeni. Pa fomu anthu amalemba zimene mtima wawo ukuganiza kuti ungapirire tsiku labata, pomwe funso lofunika kwambiri ndi lakuti moyo wanu ungapirire zingati. Malamulo a mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya amene anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2018 amasiyanitsa zinthu ziwirizi, ndipo amafuna kuti wolangiza afufuze zonse ziwiri, kulimba mtima kwa kasitomala komanso kuthekera kwake kosenza kuluza. Khalani pansi mulembe ndalama zimene mudzafunika kutapa pa thumba limeneli m'zaka zisanu zikubwerazi, ngongole zina zimene muli nazo, ndi miyezi imene banja lingakhale bwino ntchito itatha, pokumbukira kuti kugwa kwa msika ndi kutha kwa ntchito zimakonda kubwerera limodzi. Zotsalazo ndizo mungathe kuluza popanda kusintha moyo wanu. Ngati mwapeza kuti ndi madola 20,000, werengani chobwerera m'mbuyo: pa kugwa kwa theka, masheya amene angataye 20,000 ndi a madola 40,000, popanda ngongole. Nambala imeneyi ili kutali kwambiri ndi 150,000 imene akukulangizani, ndipo kusiyana kumeneku ndiko muyenera kukambirana nawo. Musaganizenso kuti 60,000 yotsalayo ndi yotetezeka kulikonse kumene angaiike, chifukwa mu 2022 masheya ndi mabondi, omwe ndi zikalata za ngongole za boma kapena makampani, zinatsikira limodzi, choncho mabondiwo nawonso ayesedwe.

Mukafika pa nambala yanu, ilowe m'mgwirizano weniweniwo ngati lamulo loti kampani itsatire, osati ngati chikhumbo chanu. Mawu akuti kasitomala sakufuna kuluza zoposa 20 peresenti alibe mano. Mawu amene ali ndi mano ndi amene amatchula chinthu choti kampani ichite kapena isachite, chimene chingatsimikizidwe ndi zikalata: kuti masheya asapitirire madola akutiakuti kapena gawo lakutilakuti la thumba lonse, kuti kubwereka n'koletsedwa pokhapokha mutavomereza polemba, kuti akudziwitseni polemba pasanathe tsiku limodzi la ntchito thumba likatsika ndi 10 peresenti, ndiponso chimene adzachite likafika pa malire anu, kaya kugulitsa gawo lotchulidwa kapena kuima kufikira mutalamula. Onetsetsani kuti zalembedwa kuti kutsikako kukuwerengedwa kuyambira pati, pa ndalama zimene munaikamo kapena pa nsonga imene thumba linafikapo, chifukwa mlandu ukhoza kukangamira pa mfundo yaing'ono imeneyi. Pemphaninso kuti akupatseni polemba zotsatira za mayeso awo a ndondomekoyi pa kugwa kwa 1987, kwa 2008 ndi kwa 2020, kuphatikizapo kugwa kwina kongoyerekeza koposa kumeneku, ndipo muzisunge. Akakana kulemba zimenezi, mwaphunzira kanthu za iwo mtengo wake usanakugwereni.

Zinthu zikadzalakwika mutasaina, njira yake imayamba ndi mapepala. Sonkhanitsani mgwirizano, fomu ija, malipoti a mwezi ndi mwezi, makalata ndi mauthenga onse, ndipo pemphani kampani ikupatseni mndandanda wa zonse zimene inagula ndi kugulitsa, ndi nthawi yake. Lembani dandaulo kwa kampaniyo, lotchula ndime imene yaphwanyidwa, tsiku lake, ndi ndalama zimene mwataya. Ikakana kapena ikangokhala chete, nkhani imapita ku bungwe lomva madandaulo a zachuma kapena loyang'anira misika m'dziko limene kampaniyo inalembetsedwa, ndipo masiku ake ndi owerengeka. Ku Britain, mwachitsanzo, kampani ili ndi masabata asanu ndi atatu oti iyankhe, ndipo wodandaula ali ndi miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa yankho lomaliza kuti akafike ku Financial Ombudsman Service. Werengani lero lomwe ndime yonena za lamulo la dziko liti limene likulamulira mgwirizanowu komanso ngati mukuvomera kuti mikangano ikaweruzidwe ndi mkhalapakati m'malo mwa khoti, chifukwa ndime imeneyo ikhoza kukutsekerani khomo la khoti.

Dziwaninso kuti ngakhale mutapambana, nthawi zambiri sabweza zonse zimene munataya. Amayerekeza zimene zinachitikadi ndi zimene zikanachitika kampani ikanatsatira malamulo anu. Pa kugwa kwa 34 peresenti, masheya a 40,000 akanataya 13,600, pomwe ndondomeko ya ngongoleyo yataya 51,000, choncho chimene mungamenyere ndi kusiyanako, pafupifupi madola 37,400, poganiza kuti ndalama zotsalazo zikanakhala momwemo. Ndalamazo zikhoza kuchepetsedwanso ngati zitaoneka kuti munkalandira malipoti osonyeza kuti malire aphwanyidwa koma munakhala chete chifukwa nthawi imeneyo msika unkakwera. Ndipo ngati munasaina nokha pepala lovomera ngongole ija mutachenjezedwa bwino, mlandu wanu udzakhala wofooka kwambiri. Musasaine pepala limenelo sabata ino. Tengani mgwirizano wonse, ndi masamba ake a zilembo zing'onozing'ono, mupite nawo kwa loya wa m'dziko limene lamulo lake latchulidwamo kuti akonze ndime zimene ndatchulazi.